Buluu wa amayi atatuluka wa pepo: zomwe ndinaona pa makalendala 500

Ndili ndi kashopu ku Nchalo komwe ndimakonza zosindikiza: makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ziphaso za ana a mkombaphala ndi zikwangwani za magolosale. Zing'onozing'ono ndimatulutsa ndekha pa pulinta ya mushopu. Zazikulu zimakwera phiri kupita ku Blantyre, komwe kuli makina a ofuseti. Ndikulembera anzanga a ku Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene timatumiza mafayilo kumtunda, n'kumangodikira katundu osadziwa kuti abwera akuoneka bwanji. Ilipo njira yoonera pa sikirini momwe ntchito idzatulukire papepala, ndipo ine ndinaidziwa ndalama zitapita kale.

Unali mwezi wa Novembala pamene gulu la amayi a mpingo wina linandipatsa ntchito ya makalendala 500 a sayizi ya A2. Ankafuna kuwagulitsa pa msonkhano wawo wa mu Disembala kuti apeze ndalama za malata a nyumba ya abusa. Pamwamba panali chithunzi cha gulu lonse atavala yunifolomu yawo ya buluu, pansi pake mzere wa buluu wokhala ndi dzina la gulu, kenako miyezi. Amayi apampando anandiuza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: "Mwana wanga, buluu wathuyu aoneke. Anthu amatidziwira yemweyu."

Zithunzi zinabwera kuchokera m'mafoni osiyanasiyana. Ndinazikonza mu Photoshop, ndinawonjezera kuwala kwa mitundu kuti yunifolomu iwale, ndipo pa mzere uja ndinasankha buluu weniweni wa pa sikirini, R 0, G 0, B 255. Pomaliza ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse, `Image > Mode > CMYK Color`, n'kusunga PDF. Amayi atabwera kudzaona pa laputopu anaomba m'manja. Pokambirana za mtengo anasankha pepala la bondi, losanyezimira, chifukwa ndi lotsikirapo mtengo komanso munthu amatha kulembapo ndi bolopeni tsiku la zokambirana kapena la kubanki nkhonde. Ndinaimbira osindikiza kuwauza za pepalalo, koma fayilo inapita momwe inalili. Mtengo wonse unali K850,000, ndipo amayi anapereka ndalama zomwe anasonkha.

Katundu anafika pa minibasi. Nditang'amba chikutiro, mtima unangoti myuu. Yunifolomu sinali ya buluu, inali yopita ku pepo, ndipo kwathu kuno pepo ndi mtundu wa amayi a mpingo wina. Nkhope za amene anaima kumbuyo pansi pa mtengo zinangoti bii, maso ndi mphuno osaoneka. Kuseri kwa makalendala ena kunali mathotho a inki yochokera pa linzake la pansi. Amayi apampando anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Awa si ife." Sanakalipe. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinkadziwa kuti ndalamazo ena anazipeza pogulitsa mbatata ndi nyemba za kudimba.

M'mawa mwake ndinakwera ya ku Blantyre ndili ndi mkwiyo, kalendala imodzi m'manja, laputopu m'chikwama. Njira yonse kuyambira pa Thabwa mpaka pamwamba pa phiri ndinkakonza mawu oti ndikawalalatire. Anandilowetsa m'chipinda cha bambo wina wachikulire amene amakonza mafayilo asanapite ku mapuleti osindikizira. Anamva dandaulo langa lonse, kenako anati, "Achimwene, khalani apa, tiitsegule fayilo yanuyo."

Zimene anachita ndizifotokoza bwinobwino, chifukwa nkhani yonse inatembenukira pamenepa. Anatsegula fayilo yanga ya CMYK, napita pa `View > Proof Setup > Custom`. Pa `Device to Simulate` anasankha `Uncoated FOGRA29 (ISO 12647-2:2004)`, pulofayilo ya pepala losanyezimira yomwe imabwera kale ndi Photoshop. Anachonga `Preserve CMYK Numbers`, nachonganso `Simulate Paper Color`. Nthawi yomweyo pa sikirini panaoneka kalendala yomwe inali m'manja mwanga: buluu wopita ku pepo, nkhope zakuda bii, zonse zozilala. Anadina `Ctrl+Y` kuzimitsa, kalendala yokongola ija inabwerera. Anadinanso, yoipa ija inabweranso. Makina awo sanalakwitse kanthu. Anasindikiza manambala omwe ndinawatumizira, ndipo kompyuta yanga yomwe ikanatha kundionetsa zimenezi ndili ku Nchalo.

Anandifotokozera chifukwa chake modekha. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, komwe timati RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi, zomwe timati CMYK: sayani, majenta, yachikasu ndi yakuda. Manambala a inkizi paokha sanena mtundu womwe diso lidzaone, chifukwa inki yomweyo imaoneka mosiyana pa mapepala osiyana. Pulofayilo ndi kafayilo kamene kamasunga zotsatira za kuyeza: kuti pa makina a mtundu wakuti ndi pepala lakuti, manambala akuti amatulutsa mtundu wakuti. Pamene ndinkadina `CMYK Color`, Photoshop inkagwiritsa ntchito pulofayilo yomwe inaikidwiratu, `U.S. Web Coated (SWOP) v2`, ya pepala lonyezimira la magazini a ku America. Choncho manambala anga anawerengedwera pepala lina, koma anakagwera pa bondi.

Pa pepala lonyezimira inki imakhala pamwamba. Pa bondi imalowa ngati madzi pa mchenga wa mumtsinje wa Mwanza, ndipo timadontho take timakula. Malo omwe mwaika 50 pa 100 amaoneka ngati 64 pa pepala lonyezimira, koma pa losanyezimira amayandikira 70. Apa m'pomwe nkhope zinathera. Khungu lakuda pachithunzi limakhala kale ndi inki yambiri, ndiye kusiyana pakati pa tsaya ndi mthunzi wa pansi pa diso n'kochepa. Timadontho tikakula, kusiyanako kumatsekeka.

Za buluu anandionetsa ndi manambala. Anaika kachida koyezera pa mzere uja, kabokosi ka `Info` kanawerenga C 88, M 77, Y 0, K 0. Ndi mmene buluu wa 0, 0, 255 amatulukira mu pulofayilo ya SWOP ija. Buluu ameneyu palibe inki ya CMYK ingamutulutse, ndiye pulogalamu imangopereka woyandikira. Vuto n'lakuti majenta 77 ali pafupi kwambiri ndi sayani 88. Sayani ali kale pafupi kudzaza, sangakule kwambiri, pomwe majenta ali ndi mpata wokula. Akangoyandikana, diso limaona pepo. Iwo anati pa ntchito zawo amasiya mpata wa 30 kapena kupitirira pakati pa ziwirizi ngati akufuna buluu akhalebe buluu. Mathotho a kuseri aja anachokera m'malo akuda kwambiri, momwe inki zinayi zitaphatikizidwa zinkafika pafupi ndi 300 pa 100. Pa bondi yawoyo sankafuna kupitirira 280, chifukwa inki yochuluka imachedwa kuuma ndipo imadetsa pepala logona pamwamba pake.

Kenako anatsegula laputopu yanga, naika pepala loyera pambali pa sikirini. Sikirini inkawala kuposa pepalalo kutalitali. Kuno ku chigwa tonse timachita zimenezi popanda kuganiza. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala ndi laukali, chitseko cha shopu chimakhala chotsegula chifukwa cha kutentha, ndiye timakweza kuwala kwa sikirini mpaka kumapeto kuti tione. Sikirini yowala chonchi imaonetsa zinthu zonse za mumthunzi, munthu n'kumaganiza kuti chithunzi chili bwino pomwe n'chakuda. Pepala lilibe nyali kumbuyo kwake.

Sindinawasiye osawafunsa kuti bwanji sanandichenjeze, poti ankadziwa kuti pepala ndi bondi. Anavomera kuti akanatha kuimba foni, koma anati fayilo ikabwera ili kale mu CMYK iwo amatenga kuti mwini wake akudziwa zomwe akufuna. Tinakambirana ndi abwana awo mpaka tinagwirizana kuti asindikizanso pa K520,000. Ndalamayi inachoka m'thumba mwanga, ina ndinachita kukongola kwa mlamu wanga. Sindikanatha kukawapemphanso amayi aja.

Ntchito yachiwiri ndinaiyambira pa fayilo ya RGB yoyambirira, yomwe mwamwayi ndinali nditasunga ndi maleya ake onse. Ichi ndikanakonda wina akanandiuza kale: fayilo ya RGB musamaitaye kapena kuisunga pamwamba pake ndi ya CMYK. Mitundu yomwe yadulidwa posintha sibwereranso, ndipo kusintha CMYK ina kupita ku CMYK inzake kumawonjezera mavuto.

Choyamba ndinakonza malo ogwirira ntchito. Ndinasuntha tebulo kulichotsa pakhomo, ndinaika katani yotuwa pawindo, ndipo ntchito ya mitundu ndinkaichita m'mawa. Ndinatsitsa kuwala kwa sikirini mpaka tsamba loyera la pa kompyuta linafanana ndi pepala la bondi lomwe ndinapempha kwa osindikiza. Amene ali ndi kachipangizo koyezera sikirini amaika kuwala pakati pa 80 ndi 120 cd/m², ndipo kachipangizoko kamapanganso pulofayilo ya sikiriniyo. Ine ndilibe, ndiye ndinadalira pepala ndi maso. Si njira yolondola kwenikweni, koma imachotsa bodza lalikulu la sikirini yowala. Ndinazimitsanso `Night light` ya Windows, yomwe imachititsa sikirini kuoneka yachikasu madzulo.

Chachiwiri chinali zithunzi zomwe. Zina zochokera m'mafoni zinalibe pulofayilo iliyonse mkati mwake, makamaka zimene zinadutsa m'manja ambiri. Kwa zimenezi ndinagwiritsa ntchito `Edit > Assign Profile` n'kusankha `sRGB IEC61966-2.1`. Apa pali malo posokonezeka. `Assign Profile` sisintha manambala, imangouza pulogalamu tanthauzo lake, ndiye maonekedwe amatha kusintha. `Convert to Profile` imasintha manambala kuti maonekedwe asasinthe. Chithunzi chopanda pulofayilo chimafuna yoyambayo. Yachiwiriyo ndi ya kumapeto, pomwe mukutumiza. Ndinalowanso mu `Edit > Color Settings` n'kusintha CMYK ya pa `Working Spaces` kukhala ya pepala losanyezimira ija, kuti manambala a inki omwe `Info` ikundionetsa akhale a pepala loyenera.

Ndiye ndinatsegula pulufu ya pa sikirini, yoonetsa momwe ntchito idzatulukire papepala, koma ulendo uno mosiyana pang'ono ndi momwe anachitira bambo aja. Iwo anachonga `Preserve CMYK Numbers` chifukwa funso lawo linali lakuti, manambala awa akapita ku puleti osasinthidwa, atuluka bwanji? Langa linali lina: chithunzi cha RGB ichi chikasinthidwa bwino kupita ku pepala ili, chidzaoneka bwanji? Pa funso limeneli kabokosi kosunga manambala kamakhala kosachonga. Zomwe ndinaika ndi izi:

```
Device to Simulate: Uncoated FOGRA29 (ISO 12647-2:2004)
Rendering Intent: Relative Colorimetric
Black Point Compensation: on
Simulate Paper Color: on
```

Mukangochonga `Simulate Paper Color`, chithunzi chimazilala moti mumaganiza kuti china chake chawonongeka. Zoyera zimatuwa, zakuda zimasanduka zotuwirako. Bambo aja anandichenjeza kuti podina ndiziyang'ana kumbali, kenako ndibwerere pakapita kamphindi, chifukwa diso likaona kusinthako likuchitika limakokomeza. Zimathandizanso kubisa mamenyu oyera a m'mbali, popeza diso limayerekeza pepala lotuwa lija ndi kuyera kwa mamenyuwo. Ndinayesanso `Perceptual`, yomwe imafinya mitundu yonse pamodzi kuti ilowe m'malire a pepala. Pa chithunzi cha gulu inatsegula mithunzi pang'ono koma inazilalitsa udzu ndi zitenje, ndiye ndinabwerera ku `Relative Colorimetric`. Palibe imene imapambana nthawi zonse, muyese ziwiri zonse pa chithunzi chilichonse chofunika.

Kenako ndinadina `Shift+Ctrl+Y`, yomwe imapaka imvi malo onse amene mtundu wake pepalalo silingakwanitse. Yunifolomu zonse zinasanduka imvi, mzere wonse uja chimodzimodzi. Chenjezoli limangonena kuti mtundu watuluka kunja kwa malire, silinena kuti watuluka pang'ono kapena kwambiri. Choncho musalimbane n'kuchotsa kadontho kalikonse ka imvi, mungazilalitse chithunzi chonse pachabe. Ine ndinalitenga ngati cholozera malo oti ndiyang'anitsitse.

Kukonza kwenikweni kunanditengera nthawi yaitali kuposa zonse. Ndinapanga kope ndi `Image > Duplicate`, n'kuliika pambali lopanda pulufu, kuti ndizikumbukira komwe ndikulowera. Pa fayilo yeniyeni, pulufu ili yoyaka, ndinaika leya ya `Hue/Saturation`, ndinasankha `Blues`, ndinachotsa kuwala kwa mtundu komwe ndinawonjezera poyamba, kenako ndinakankhira mtunduwo pang'ono kumbali ya sayani. Ndinkayang'ana `Info` mpaka pa nsalu yowala bwino majenta anatsika kufika cha m'ma 60 pomwe sayani ali cha m'ma 90. Amayi apampando anandibwereka bulauzi yawo imodzi, ndipo ndinaipachika pampando pafupi ndi sikirini. Buluu wa pa pulufu sanawale ngati nsaluyo, ndipo sakanatha, koma anali wa mtundu womwewo.

Pa nkhope ndinagwiritsa ntchito `Curves`. Ndinakweza chigawo cha mithunzi ndi chapakati, koma pa anthu a kumbuyo okha, pogwiritsa ntchito masiki. Apa pamafunika kusamala. Cholinga si kuyeretsa anthu khungu, ndipo amayi sangakondwe kudziona atasanduka ena. Cholinga n'chakuti chipumi, tsaya ndi chibwano zisiyane mokwanira kuti timadontho tikakula kusiyanako kutsale. Ndinkakulitsa nkhope ya mayi wina wachikulire amene anaima pa mthunzi weniweni, duku lake litafika m'maso. Makwinya a pamphumi pake ataoneka pa pulufu, ndinadziwa kuti ena onse aoneka. Malo akuda kwambiri, ngati tsinde la mtengo ndi nsapato, ndinawapepuza mpaka `Total Ink` inatsika pansi pa 280.

Nditakhutira, ndinasunga fayilo ya RGB, ndinapanga kope lina, n'kulisintha ndi `Edit > Convert to Profile` kupita ku pulofayilo ya pepala losanyezimira ija, ndi zosankha zomwezo za pa pulufu. Mzere wa dzina ndinaupaka mwachindunji C 100, M 60, Y 0, K 0. Manambala a masiku ndinawapatsa K 100 yokha, chifukwa chakuda cha RGB chikasinthidwa chimatuluka cha inki zinayi, ndipo pa zilembo zing'onozing'ono mapuleti akasemphana pang'ono m'mphepete mumaoneka timitundu. Posunga PDF ndinaonetsetsa kuti pulofayilo yalowa mkati, ndipo dzina lake ndinalilembanso pa uthenga wotumizira fayilo.

Ndisanatumize ndinaitana amayi atatu a mukomiti kuti aone pulufu, osati chithunzi chowala chija. Mmodzi anati, "Koma chija chinali chokongola kuposa ichi." Ndinawauza kuti chija chimatheka pa sikirini pokha, ndipo ngati akufuna buluu wowala kuposa apa, ndiye tisinthe pepala tipite ku lonyezimira, lomwe pulofayilo yake ndi `Coated FOGRA39 (ISO 12647-2:2004)`. Ndinawaonetsa ziwiri zonse posinthanitsa. Anaona kusiyana, anafunsa mtengo, nasankha kukhalabe pa bondi. Ulendo uno anasankha akudziwa chomwe adzalandire.

Pulufu ya pa sikirini ili ndi malire ake, ndipo ndinawaona tsiku losindikiza. Ndinapitanso ku Blantyre kuti ndikaime pa makina. Mapepala oyamba anatuluka ofiirirako kuposa pulufu yanga. Pulofayilo ya FOGRA29 inayezedwa pa makina osindikiza motsatira muyezo wa ISO 12647-2, ndipo imalosera bwino pokhapokha ngati makina enieniwo ali pafupi ndi muyezowo. Woyendetsa makina anachepetsa majenta pang'ono, ndipo patapita mapepala angapo zinakhala bwino. Bondi yawo inalinso yoyera mopita ku buluu kuposa pepala lomwe pulofayilo imayerekeza, motero zoyera zinaoneka zowala kuposa pa sikirini yanga. Komanso sikirini ya laputopu wamba siyitha kuonetsa sayani weniweni wa inki, ndiye mitundu ina imatuluka bwino papepala kuposa momwe munaionera. Poweruza tinkaika pepala pa tebulo lawo lokhala ndi nyali ya D50, yomwe kuwala kwake kumafanana ndi kwa masana. Kunyumba kulibe nyali yotere, choncho ndimatulutsa pepala pakhonde, pamthunzi masana, osati pansi pa babu lachikasu kapena padzuwa lenileni.

Makalendala anafika ku Nchalo sabata yachiwiri ya Januwale. Msonkhano wa mu Disembala unali utadutsa, ndipo anthu ambiri anali atapachika kale makalendala ena m'nyumba zawo. Amayi anatsitsa mtengo, ndipo makope oposa 100 anatsala osagulidwa. Buluu anali wawo, nkhope zonse zinkadziwika, koma ndalama za malata sizinakwane chaka chimenecho. Ngongole ya mlamu wanga ndinamaliza kubweza mu Epulo.

Tsopano ndisanayambe ntchito yopita kumtunda ndimafunsa osindikiza kuti agwiritsa ntchito makina ati, pepala liti, pulofayilo iti, ndiponso inki isapitirire pati. Ena amayankha bwino, ena amangoti, "Ingotumizani CMYK." Kwa oterewa ndimasankha pulofayilo yoyandikana ndi pepalalo, FOGRA39 ngati ndi lonyezimira, FOGRA29 ngati si lonyezimira, ndipo ndimawauza yomwe ndagwiritsa ntchito. Pulufu ya papepala ndimaipemphabe, koma ndimafunsa kuti yatuluka pa makina ati, chifukwa yochokera pa pulinta wamba ya muofesi siinena zambiri za ofuseti. Mabanala a pulasitiki ndi nkhani ina: makina ake ali ndi inki zawozawo ndipo pulogalamu ya makinawo ndi imene imasintha mitundu, ndiye amene ndimagwira nawo amafuna fayilo ya sRGB yokhala ndi pulofayilo mkati. Pa amenewa ndimapempha kuti ayambe asindikiza kachidutswa kokhala ndi nkhope imodzi ndi mtundu wa gulu, n'kukatumiza ndi kondakitala wa minibasi ndisanavomereze banala yonse.